Makalata a omvera: Aliyense akuti zake n'zachangu

"Aulutsi, ine ndine kalaliki wa zachuma pa kampani ina ku Limbe. Tsiku lonse pakhomo sipasowa munthu: uyu alawansi, uyu ndalama ya mafuta, bwana akufuna fotokope, foni nayo ili ngiringiri. Aliyense akuti zake n'zachangu. Mwezi wathawu msonkho wa antchito ndinatumiza mochedwa. Nditani?"

Zikomo mayi a ku Limbe. Munthu akaima pa desiki panu, musayese nkhani yake ndi kukweza mawu kwake. Dzifunseni chamumtima: ichi chikagona mpaka mawa, chiwonongeke n'chiyani? Alawansi ya ulendo wa sabata yamawa ikagona, mwiniwake angonyinyirika basi. Msonkho wa antchito uja, wa PAYE, ulibe pakamwa, subwera kudzagogoda, koma uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo ukachedwa kampani imalipira chindapusa. N'chifukwa chake umaiwalika mpaka pa 13.

Ndiye werengani chobwerera m'mbuyo. Pa 14 musaliyese tsiku lanu, chifukwa magetsi kapena netiweki zikhoza kukukhumudwitsani tsiku lomwelo. Ikani pa 12 ngati tsiku lolipira. Osayinira ndalama, omwe nthawi zambiri amakhala ali kumsonkhano, apatseni pa 10 ndi pa 11. Ndiye kuti kuwonkhetsa ndi kufananitsa ndi malipiro a antchito kuthe pa 9. Mukatero ntchito yanu yeniyeni yagwera sabata yoyamba ya mwezi, pomwe palibe amene akukufunsani za msonkho.

Masiku amenewo dzipatuleni maola awiri oyamba, musanatsekule mauthenga a pafoni. Pakhomo siyani kope: wobwera alembe dzina, chomwe akufuna ndi tsiku lomwe chikufunika. Mzere wa tsikuwo ndi umene umaulula zambiri, poti munthu akagwira cholembera "pompano" uja amasanduka Lachisanu. Kopelo muzilitsegula 10 koloko, kenako mukabwera ku nkhomaliro, n'kuthana nazo zonse pamodzi. Koma mawu anu muwasunge. Mukaphonya 10 koloko kawiri, anthu ayambiranso kugogoda, ndipo sindingawadzudzule.

Bwana ndiye sitiwalembetsa m'kope ayi! Iwo auzeni mwaulemu kuti, "Bwana, ndili pa msonkho wa pa 14. Ndiusiye kaye, kapena fotokopeyi ndibweretse 10 koloko?" Asankhe okha. Akati usiyeni, usiyenidi, koma adziwa chomwe chaima.

Zilipo zodumpha mzere. Mnzanu akalandira uthenga wa maliro n'kufuna adivansi, kapena galimoto ya katundu yaima panjira mafuta atha, imikani zonse. Koma zoterezi zikamabwera tsiku ndi tsiku, pali wina amene akupempha mochedwa, ndipo kope lija likuwonetsani dzina lake. Ngati pa kauntala mulipo nokha, gwirizanani ndi mnzanu azikugwirirani maola awiriwo, inu mudzamubwezere masana.