Bonasi yanga ili kuti? Zomwe zinakambidwa pa msonkhano wa ogwira ntchito ku Chinamwali

Zikomo a tcheyamani, zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. A kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ndiyambe ndi funso. Ndani muno anauzidwapo kuntchito kuti ukafika pakutipakuti udzalandira bonasi, iye n'kufikapo, koma ndalamayo osaiona? Kwezani manja. Eee, mwachuluka. Tsitsani. Tsopano mwa inu nomwe, ndani ali ndi pepala lomwe lonjezolo linalembedwapo? Ndikuona manja atatu okha.

Nkhani yathu yagona pamenepo. Zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu pa madandaulo a kuntchito, ndaona kuti mlandu wa bonasi suwinidwa ndi mkwiyo. Umawinidwa ndi pepala ndi masamu.

Bonasi ilipo mitundu iwiri, ndipo musanapite kukagogoda pa ofesi ya bwana muyambe mwadziwa kuti yanu ndi iti. Ina ndi mphatso chabe. Bwana wakondwa pa Khirisimasi, wakupatsani kangachepe, chaka chamawa wangokhala chete. Kalata yake imakonda kunena kuti kampani ikhoza kupereka bonasi ikaona kuti n'koyenera. Mawu akuti "ikhoza" amenewo amampatsa bwana mpata wokana, ndipo kulimbana nawo n'kovuta, ngakhale mutha kufunsabe chifukwa chake anzanu a ntchito yofanana alandira inu ayi. Ina ndi ya pangano: ukagulitsa katundu wa ndalama zakuti pofika tsiku lakuti, udzalandira zakuti. Imeneyo mukakwanitsa mbali yanu, yasanduka ngongole. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 likamanena za malipiro silitanthauza salale yokha, limaphatikiza ndi zina zonse zomwe olemba ntchito ayenera kukupatsani chifukwa cha ntchito yanu. Gawo 27 la lamulolo limawauza kuti akupatseni pepala lofotokoza za ntchito yanu, kuphatikizapo mlingo wa malipiro ndi kawerengedwe kake. Ndiye mukapempha kuti tageti yanu ilembedwe, simukupempha chifundo ayi.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi, tiyende nacho pang'onopang'ono. Ndilemba pa bolodipa. Tiyerekeze mayi wina amagwira ntchito pa sitolo yogulitsa katundu mopikulitsa m'tauni muno. Ntchito yake n'kuyenda m'magolosale a ku Songani, Domasi, Thondwe ndi Jali kugulitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Kalata yomwe anasaina ikuti kuyambira Januwale mpaka Malichi agulitse katundu wa K30,000,000. Akafika pamenepo, bonasi ndi K300,000. Akafika pa 90 peresenti koma osakwanitsa yonse, alandira theka. Akalephera 90 peresenti, palibe kanthu.

Mayiyu wavutika m'matope a dzinja, ndipo m'kope mwake walemba kuti wagulitsa katundu wa K31,500,000. Wapitirira tageti. Wauza kale mwana kuti fizi ya temu ikubwerayi ilipo. Mapeto a Epulo peyisilipi yabwera, bonasi mulibe. Akafunsa supavaiza, yankho lake n'lakuti, "Mayi, simunafike, munathera pa 88."

Inu mukadatani? Ambirife tikadanena kuti andibera, n'kuyamba kulalata pa khonde. Koma taonani komwe 88 wachokera. A ku akaunti anachotsa katundu wa K900,000 yemwe magolosale anabweza. Anachotsanso K4,200,000 ya katundu yemwe anatengedwa pa ngongole ndipo anali asanalipiridwe pofika pa 31 Malichi. Zatsala K26,400,000. Mukagawa ndi K30,000,000 mupeza 88 peresenti. Ndiye palibe yemwe wanama pa masamu. Mayi akuwerenga katundu yemwe watuluka, kampani ikuwerenga ndalama yomwe yalowa. Mkangano wonse uli pa liwu limodzi: kugulitsa n'chiyani?

Apa m'pamene pepala limagwira ntchito. Ngati kalata ikungoti "katundu wogulitsidwa", osatchula zoti ndalama ikhale italowa, mayiyu ali ndi poimira. Katundu wobwezedwa uja avomere kuti achotsedwe, chifukwa sopo yemwe wabwerera m'sitolo sanagulitsidwe, ndipo kukakamira pamenepo kungomuonetsa ngati munthu wa makani. Kuchotsa K900,000 kutsala K30,600,000, yomwe ndi 102 peresenti. Bonasi yonse. Koma ngati kalata ikunena poyera kuti tiwerenga ndalama yolowa, ndiye kuti njira ya kampani ndiyo yolondola, ndipo ndisakunamizeni, nthawi zambiri anthu amasaina osawerenga mzere umenewo.

Ngakhale zitatero, nkhani sinathe. Mayiyu afunse mndandanda wa magolosale omwe akuti sanalipire. Tinene kuti pamndandandapo pali golosale ya ku Jali ya K1,000,000, koma mwini wake anatumiza ndalama pa foni pa 30 Malichi, ndipo a ku akaunti anailowetsa m'mabuku pa 2 Epulo. Uthenga wa pafoni uli ndi deti, sungakanidwe. Kuwonjezera imeneyo zikwana K27,400,000. Malire a 90 peresenti ali pa K27,000,000. Wadutsa. Mwa kawerengedwe ka kampani komweko, ayenera kulandira K150,000. Mwaona? Risiti imodzi yochedwa kulowa m'buku ndi masiku atatu yasiyanitsa kulandira ndi kusalandira. Tageti yokhala ndi malire otere njoopsa chifukwa cha zimenezi, ndipo ine ndikaona munthu waphonya ndi peresenti imodzi kapena ziwiri, ndimayamba kufufuza madeti a sabata yomaliza ndisanayang'ane china chilichonse.

Bambo ali apowo akweza dzanja. Nenani, bambo.

"Zikomo. Kwathu anatiuza tageti mu Januwale, koma pakati pa Febuluwale anaikweza, ati zinthu zakwera mtengo. Kodi zimenezo n'zololedwa?"

Funso labwino, ndipo zimachitika kwambiri. Pangano ndi la anthu awiri. Ngati tageti inali mbali ya zomwe munagwirizana, mbali imodzi siyenera kuisintha yokha mpikisano uli mkati, pokhapokha ngati kalatayo inawapatsa mphamvu yotero. Kusintha tageti ya miyezi ikubwera, atakudziwitsani, n'kwina. Kusintha ya miyezi yomwe mwagwira kale n'kwinanso. Cholakwika chomwe timachita n'kukhala chete. Tsiku lomwe akweza, lembani kakalata kaulemu konena kuti ndalandira uthenga wanu, koma zomwe ndinasaina ndi izi. Mukangopitiriza ntchito osanena kanthu, mawa adzati munavomera. Chimodzimodzi ngati shuga anasowa m'sitolo masabata awiri, kapena galimoto inafa: lembani nthawi yomweyo, ndi madeti ake, osati kudzakumbukira mu Epulo.

Tsopano kafunsidwe kake. Musayambe ndi kuopseza kuti ndikupita ku leba. Yambani ndi kalata yaifupi kwa bwana wanu kapena kwa oyang'anira antchito. Mutchule kalata ya tageti ndi deti lake, munene nambala yanu ndi umboni wake, kenako mupemphe zinthu ziwiri: nambala yomwe iwo agwiritsa ntchito, ndi momwe aipezera. Mupereke masiku oti ayankhe, tinene asanu ndi awiri kapena khumi ndi anayi. Mulembe makope awiri, ndipo amene walandira asaine ndi kulemba deti pa kope lanu. Mawu akuti "mwandibera" asapezekemo. Kalata yofunsa masamu njovuta kuikana, pomwe kalata yotukwana imawapatsa nkhani ina yokambirana, ya khalidwe lanu, bonasi n'kuiwalika.

Chinthu china chaching'ono: yang'anani bwino peyisilipi. Lamulo limafuna kuti pokulipirani akupatseni pepala losonyeza zomwe mwapeza ndi zomwe zachotsedwa. Bonasi imadulidwa msonkho ngati salale. Ena amabwera kwa ine akuti andipatsa yoperewera, tikawerenga n'kupeza kuti yosowayo yapita ku msonkho. Koma mukaona kuti bonasi yalembedwa, kenako yachotsedwa ati kubweza katundu wosowa m'sitolo yemwe simunamvedwepo mbali yanu, imeneyo ndi nkhani ina, ya kudula malipiro, ndipo lamulo lili ndi malire pa zomwe bwana angadule.

Akapanda kuyankha, kapena yankho lake likakhala losamveka, tsatirani ndondomeko ya madandaulo ya pantchito panu ngati ilipo, ndipo ngati muli mu yuniyoni mutengane ndi nthumwi yanu. Zikakanika pamenepo, pitani ku ofesi ya zantchito ya boma lino la Zomba, komwe timati ku leba. Gawo 64 la lamulo lomwe lija limalola aliyense yemwe ali ndi mkangano wokhudza kontirakiti ya ntchito kukautula kwa ofisala wa zantchito, yemwe amaitana mbali zonse ziwiri kuti ayese kuziyanjanitsa. Zikalephereka kumeneko, nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito, lomwe linakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Kumeneko zinthu zimatenga nthawi, konzekerani mtima. N'chifukwa chake ndimakakamira kalata yoyamba ija, chifukwa kulikonse komwe mupite funso loyamba lidzakhala lakuti, munawafunsa? Anati chiyani?

Mayi a kutsogoloku, ndakuonani.

"Ine mantha anga ndi akuti ndikafunsa andichotsa ntchito. Ndili ndi ana anayi."

Mayi, mantha amenewo sindingawapeputse, ntchito ikusowa. Pa lamulo la zantchito lija, gawo 57 limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe kake ka ntchito, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo kudandaula kuti bwana waphwanya lamulo si chifukwa chochotsera munthu. Koma tonse tikudziwa kuti bwana wokwiya amatha kusaka chifukwa china. Ndiye masiku amenewo fikani pa nthawi, ntchito igwireni bwino, ndipo ngati amene mwamanidwa muli angapo, sainani kalata imodzi nonse. Zikafika poti akuchotsani, musachedwe: dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika kwa ofisala wa zantchito pasanathe miyezi itatu.

Ndipo inu amene mukuganiza zosiya ntchito, werengani kaye ngati kalata yanu ikuti bonasi imaperekedwa kwa yekhayo amene akadali pantchito tsiku lolipira. Alipo amene anagwira miyezi yonse itatu, n'kutula pansi ntchito pa 10 Epulo, bonasi ikutuluka pa 30.

A tcheyamani akundilozera wotchi. Atatu munakweza manja aja, ngati mapepala anu mwabwera nawo, tikumane pa tebulo la pakhomopo tiwerengere limodzi. Enanu amene lonjezo linabwera pa uthenga wa pafoni, musaufufute, ujambuleni lero lomwe ndipo mutumizire m'bale wanu asunge.