Makalata a Omvera: "Onse amangoti tiganiza kaye"

Kalata yoyamba yachokera ku Mponela, kwa mnyamata amene wapempha kuti tisamutchule dzina:

"Ndimagulitsa sola zolipira pang'onopang'ono, khomo ndi khomo, ndipo malipiro anga ndi komishoni. Ndimafotokoza zonse osasiyako, ndimawauza kuti mtengo ukwera mawa, mwinanso ndimawapempha kuti andithandize poti mwezi uno sindinagulitseko. Onse amangoti tiganiza kaye. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, kalata yanuyi yandikhudza, chifukwa zikuoneka kuti ntchito mumailimbikira. Koma mawu awiri aja muwasiye lero lomwe. Mukati "mtengo ukwera mawa", kenako sabata yamawa akupezani pa mudzi wina mukunenabe mawa lomwelo, ndiye kuti mbiri yanu yatha dera lonselo. Mukati "ndithandizeni", wogula amamva kuti katunduyo sakuyenda malonda, nayamba kudzifunsa kuti kodi ali ndi vuto lanji.

Mukafika pakhomo, odini, mulandiridwe, mukhale pansi. Chikwama chisatsegulidwe msanga. Yambani ndi kufunsa: usiku mumaunikira chiyani? Mafoni mumatchajitsa kuti, pa ndalama zingati? Akamayankha, inu mvetserani mpaka amalize.

Tiyerekeze mayi akuti amagula makandulo atatu pa sabata pa K500 iliyonse, ndipo mafoni awiri amatchajitsa kawiri pa sabata pa K300. Apatseni cholembera awerengere okha: K1,500 kuphatikiza K1,200, yakwana K2,700 pa sabata, pa mwezi pafupifupi K10,800. Nambala imene munthu wapeza ndi dzanja lake saitsutsa. Tsopano ngati sola yanu ndi ya K12,000 pa mwezi, musanamize kuti ndi yotchipa kuposa makandulo. Nenani kuti, "Mayi, muziwonjezerapo K1,200 pa mwezi, koma mukamaliza kulipira, yatheka, ndi yanu." Mtengo wonse utuluke pakamwa panu iwo asanafunse: ngati chikole ndi K30,000 ndipo miyezi ndi 18, zonse pamodzi ndi K246,000. Ogulitsa ambiri amabisa nambala imeneyi poopa kuti ithamangitsa wogula, koma wogula akadzaitulukira yekha pa mwezi wachitatu, amasiya kulipira ndi kuuza anzake kuti munamubera.

Mukatchula mtengo, khalani chete. Apa ndi pamene ambiri mumagwera. Mayi aja akangoti zii kuwerengera m'mutu, inu mantha akugwirani, mwayamba kulonjeza tochi yaulere imene sanapemphe. Asiyeni aganize, chete sapha munthu!

Chinanso, nenani zimene solayo singathe. Mababu atatu, wailesi ndi kutchaja foni, inde. Firiji ndi ayironi, ayi. Kukachita mitambo masiku angapo, monga mu Januwale, batire silidzaza ndipo magetsi azithima msanga. Ngati ndi ija imadzitseka munthu akaphonya kulipira, auzeni lero, ndipo muwasonyeze mmene angalipirire pa Airtel Money kapena Mpamba. Munthu amene wakuuza yekha chofooka cha katundu wake, umamukhulupirira pa zina zonse.

Nanga akati tiganiza kaye? Musakakamire. Funsani modekha kuti, "Chikukukayikitsani ndi mtengo, kapena mukufuna mukambirane ndi bambo?" Ngati ndi bambo, pemphani tsiku loti mudzawapeze onse, makamaka chakumadzulo kuti mudzayatse mababu aone okha kuwala kwake. Mukagwirizana Lachinayi, fikani Lachinayi. Muganizirenso nyengo: mu Febuluwale ndalama ya m'mudzi imathera ku chimanga. Miyezi imeneyo ndi yodziwana ndi anthu, malonda enieni amabwera akakolola ndi kugulitsa soya, mtedza kapena fodya.

Mayi a ku Limbe ogulitsa zitenje akufunsa: "Kasitomala akawerenga uthenga pa WhatsApp osayankha, ndimukumbutse kangati?" Kamodzi, mayi, patapita masiku awiri, ndipo mukhale ndi chatsopano chomuuza, monga mtundu umene wangofika. Zija za "muli pompo?" kasanu pa tsiku zimakutsekeretsani nambala.

Bambo a ku Mzuzu akuti: "Ndimalankhula mothamanga ndikachita mantha." Bambo, konzani ziganizo zitatu zokha: chinthucho n'chiyani, chimathandiza chiyani, ndi cha ndalama zingati. Mukatha chilichonse pumani, muyang'ane munthuyo.

Ndiye pali makalata angapo sabata ino odandaula za anyamata a mumsika ndi m'madepoti amene amakoka anthu malaya ndi kuwalanda zikwama. Ana anga, zimenezi ndimadana nazo. Munthu amene mwamugwira dzanja saonanso nsapato mukugulitsazo, maganizo ake onse ali pa foni ndi ndalama zake m'thumba. Perekani moni, tchulani mtengo, mumusiye agwire katunduyo ndi manja ake. Akafuna kupita, mumulole apite mwaulemu, ndipo mumuuze pamene benchi yanu ili.

Kalata ya agogo a ku Ntcheu yokhudza ngongole za kasitomala tiiwerenga sabata yamawa, nthawi yatithera.