Atachimenti masana, kalasi madzulo: sabata ya kutha kwa mwezi

Zikomo a mfumu, zikomo makolo, ndi inu achinyamata mwabwera mwaunyinji chonchi. Ine ndilankhula za mwana amene wapeza atachimenti mu ofesi ya akaunti koma madzulo akupitanso ku kalasi.

Tiyerekeze mtsikana wokhala ku Bangwe. Ntchito akugwira ku Limbe, kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko. Kalasi ili cha ku Ginnery Corner, imayamba 5:30 n'kutha 8 koloko usiku, Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi. Mphindi 30 zapakatizo ndi nthawi imene tauni yonse ikuweruka, ndipo mumsewu wa Masauko Chipembere magalimoto amakhala atathinana. Akatuluka mkalasi akwere minibasi ziwiri, afike pakhomo cha m'ma 9, adye, asambe. Wotereyu akamati awerenga usiku akudzinamiza. Buku amalitsegula ndithu, koma tsamba limodzi amalibwereza katatu osagwirapo kanthu, ndipo magetsi akazima nkhani yathera pomwepo.

Nthawi yake yeniyeni yowerenga ndi ola limodzi la m'bandakucha, mutu usanatope, theka la nthawi ya nkhomaliro, ndi Loweruka m'mawa mpaka dzuwa lifike paliwombo. Zovuta, monga masamu a akaunti, aziike m'mamawa ndi Loweruka. Pa nkhomaliro angobwereza manotsi adzulo. Tsiku la kalasi asadzipatsenso ntchito ina usiku, agone.

Koma chimene chimagwetsa ana ambiri si sabata wamba ayi, ndi kutha kwa mwezi. Mu ofesi ya akaunti, masiku omaliza a mwezi ndi oyamba a mwezi winawo amatseka mabuku. Pamakhala kukonza malipiro, kusonkhanitsa ma invoisi, ndi kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki. Msonkho wodula pa malipiro a antchito uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, wa VAT pofika pa 25. Ntchito yofufuza risiti yosowa amapatsa ndani? Wa atachimenti. Ndipo nthawi zambiri imabwera 4 koloko, pamene mwana akulongedza chikwama.

Masiku amenewa sabwera modzidzimutsa, amadziwika chaka chisanayambe. Choncho sabata yoyamba yeniyeniyo tengani kalendala imodzi, osati ziwiri. Lembanipo masiku otseka mabuku ndi a misonkho, kenako masiku a mayeso ndi opereka asainimenti. Pamene zagundana zungulizani ndi cholembera chofiira. Tinene kuti asainimenti ikufunika pa 3. Kwa mtsikana wathu uja tsiku lenileni si pa 3, ndi Loweruka lomaliza pa 28 pasanafike, chifukwa kuyambira pa 28 mpaka pa 5 madzulo ake si akenso.

Kalendala imeneyo mupite nayo kwa abwana okuyang'anirani, sabata yomweyo. Ambiri mumachita mantha, mumabisa zoti muli pa sukulu, kenako mumayamba kuzemba 4:45 ngati mukupita kuchimbudzi. Zimenezo zimaoneka, ndipo munthu amene mukumuzembayo ndi yemwe adzasainire logibuku yanu, buku lolembamo ntchito zimene mwagwira pa atachimenti, ndi kukulemberani kalata yokuchitirani umboni. Mukanene motere: "Bwana, Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi ndimakhala ndi kalasi. Ndikupempha ndizituluka 4:30, koma ndizifika 7:30. Lachiwiri ndi Lachisanu ndikhoza kutsalira, ndipo sabata yotseka mabuku ndiziphonya kalasi imodzi ngati pafunika." Mwapempha, komanso mwaperekapo kanthu. Pempho lotere silivuta kulilandira ngati lija lobwera tsiku lomwelo ntchito ili pakati.

Akakupatsani ntchito madzulo, musangoti chabwino. Funsani kuti ikufunika liti. Zambiri zimene zimaperekedwa 4 koloko zimafunika mawa 10 koloko, ndipo mukhoza kuzimaliza m'mawa.

Kalasi imene mwaphonyayo, mukhale ndi mnzanu mmodzi wodalirika woti akujambulireni manotsi pa foni, ndipo muwawerenge kalasi yotsatira isanafike. Aphunzitsi auzeniretu. Koma ngati mwaphonya phunziro limodzi kawiri motsatizana, logibuku yatha milungu iwiri osalembamo, ndipo manambala mukuwalowetsa motembenuza chifukwa cha tulo, katundu wakuchulukirani. Ngati sukulu yanu imalola, chepetsani maphunziro. Ine ndimati bola kulemba mapepala awiri n'kukhoza kusiyana ndi kulipirira anayi n'kulephera atatu, chifukwa obwerezawo mudzalipiranso.

Inu makolo, Loweruka m'mawa lija ndilo lokhalo mwanayu ali nalo. Zochapa, kuchigayo ndi kumsika zidikire masana, kapena mutume mng'ono wake. Tsopano amene ali ndi funso pa masiku ake aime, tiwerengere limodzi.