Kuwerengetsa OEE kuchokera pa pepala la shifiti

Taonani pepala ili. Ndi la shifiti ya m'mawa pa makina othira zakumwa m'mabotolo. Palembedwa zinthu zitatu: nthawi imene makina anaima, mabotolo onse amene atuluka, ndi amene akanidwa. Zitatuzi, pamodzi ndi kutalika kwa shifiti ndi liwiro la makina, n'zokwanira kutipatsa OEE, muyeso umene anautchukitsa Seiichi Nakajima wa ku Japan. Umatiuza kuti pa nthawi yonse imene tinakonza kuti makina agwire ntchito, ndi gawo lanji limene latulutsadi katundu wabwino.

```
OEE = Availability × Performance × Quality
```

Tiyambe ndi Availability, kutanthauza nthawi imene makina anayendadi. Shifiti ndi ya mphindi 480, koma 30 ndi zopuma zimene zinakonzedweratu, choncho tatsala ndi 450. Lamba anaduka, panapita mphindi 50. Kusintha kuchoka pa botolo laling'ono kupita pa lalikulu kunadya 40. Ndiye kuti makina anayenda mphindi 360. Gawani 360 ndi 450, mupeza 80 peresenti. Kusintha botolo kuja musakuchotse pa 450 ngati kupuma ayi. Nthawi imeneyo yatayika ndithu, ndipo itha kuchepetsedwa.

Tsopano Performance, kutanthauza liwiro, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Makinawa anapangidwa kuti azithira mabotolo 100 pa mphindi. Pa mphindi 360 akanatulutsa 36,000, koma atulutsa 30,600. Imeneyo ndi 85 peresenti. Nanga mabotolo 5,400 apita kuti, pamene m'buku simunalembedwe vuto lina? Imani pafupi ndi makinawo muone. Botolo limodzi lagwa chagada pa lamba, woyendetsa makina waliimika, masekondi 20 apita. Zitsekerero zakakamira, wazigwedeza ndi dzanja. Palibe amene amalemba timaimidwe totere, koma tonse pamodzi tadya mphindi 54, kuposa lamba woduka uja.

Onetsetsani kuti mukugwiritsa ntchito liwiro lenileni la makina, osati limene anthu anangozolowera. Gawo limeneli likapitirira 100 peresenti, dziwani kuti liwiro limene mwaika ndi lochepa.

Chotsiriza ndi Quality, kutanthauza ubwino wa katundu. Mabotolo 612 akanidwa, ena osadzaza, ena chizindikiro chopendekeka. Abwino ndi 29,988, kutanthauza 98 peresenti. Botolo limene labwezedwa kuti likakonzedwenso liwerengedwe m'gulu la okanidwa, ngakhale litadzagulitsidwa pambuyo pake.

```
0.80 × 0.85 × 0.98 = 0.666
```

OEE yathu ndi 66.6 peresenti. Kuti mutsimikize, gawani mabotolo abwino 29,988 ndi 100. Mupeza pafupifupi mphindi 300, ndipo 300 pa 450 ndi yomweyo. Ziwirizi zikasiyana, pali pamene mwalakwitsa powerengetsa, bwererani pa pepala.

Pa mphindi 150 zotayikazo, za mabotolo okanidwa ndi 6 zokha. Ine ndikanayamba ndi kuika munthu pambali pa lamba shifiti yathunthu, wotchi m'manja, azilemba kuima kulikonse ndi chifukwa chake.