Makalata a Omvera: Kodi Ndalama Zanga Zathera Pati?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wochita malonda. Akuti: "Wolemba mabuku a bizinesi yanga wandipatsa pepala la chaka chonse. Pamwamba palembedwa 1,000,000, koma pansi penipeni akuti phindu ndi 70,000 yokha. Kodi zinazo zapita kuti? Kapena akundibera?"

Mayi, musafulumire kumukayikira munthuyo. Tengani pepalalo ndi cholembera, titsike nalo limodzi kuchokera pamwamba. Popeza mwatitumizira chithunzi chake, ndigwiritsa ntchito manambala anu omwewo.

Mzere woyambawo ndi mtengo wa katundu yense amene munagulitsa m'chakacho. Mmenemo muli ndi amene anthu anatenga pangongole ndipo sanalipirebe, chifukwa malonda amalembedwa tsiku limene katundu wachoka m'manja mwanu, osati tsiku limene ndalama yafika.

Mzere wachiwiri ndi umene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Pamenepa timachotsa ndalama zimene munagulira katundu amene wagulitsidwayo, osati katundu yense amene munaoda. Chaka chikuyamba munali ndi katundu wa 150,000. M'kati mwa chaka munaoda wina wa 700,000, kutanthauza kuti munali ndi katundu wa 850,000 woti mugulitse. Chaka chitatha, atawerenga zotsala m'mashelefu, anapeza katundu wa 200,000. Ndiye amene anatulukadi ndi wa 650,000. Tikachotsa imeneyo pa 1,000,000, patsala 350,000. Limeneli ndi phindu loyamba, lisanalipire china chilichonse: pa 100 iliyonse imene munagulitsa, 35 ndiyo inatsala.

Taonani mphamvu ya kuwerenga katundu wotsala. Wowerenga akanalakwitsa n'kulemba 230,000 m'malo mwa 200,000, phindu likanakwera ndi 30,000 popanda kugulitsa kanthu kena. Mungadziwe bwanji? Yerekezani ndi chaka chapitacho. Ngati kale pankatsala 35 pa 100, ndipo tsopano ndi 38 kapena 28 pomwe simunasinthe mitengo ndipo kumene mumaoda sanasinthenso, bwererani kukawerenga katundu. Nambalayo ikatsika motero, kawirikawiri pamakhala katundu woonongeka, wobedwa, kapena wogulitsidwa osalembedwa.

Tsopano tichotse zoyendetsera bizinesi. Malipiro a antchito 120,000, lendi 60,000, magetsi ndi mayendedwe 30,000. Palinso 20,000 imene mwaikapo chizindikiro chofunsa, yolembedwa kuti kutha kwa makina. Imeneyo simunalipire munthu chaka chino ayi. Makina anu munagula 100,000, ndipo akuyembekezeka kugwira ntchito zaka 5, choncho mtengo wake amaugawa kuti chaka chilichonse chisenze gawo lake. Zonse pamodzi ndi 230,000, ndipo pa 350,000 ija patsala 120,000.

Ine ndikapatsidwa pepala lotere, maso anga amakhalitsa pa nambala imeneyi kuposa yapansi ija. Ndi imene ikunena ngati malondawo paokha akudzidyetsa, tisanayambe kukamba za ngongole ndi boma.

Zotsalazo ndi zachidule. Chiwongoladzanja cha ngongole ya kubanki ndi 20,000, kutsala 100,000. Msonkho walembedwa 30,000, ndipo mulingo wake umasiyana dziko ndi dziko. Chotsala ndi 70,000 ija. Masamu a pepalali ndi olondola, mayi. Ngati mukufuna kutsimikiza kuti palibe chinyengo, pemphani malisiti a katundu wa 700,000 uja, mufananitsenso malipiro ndi lendi ndi zimene zinatuluka kubanki.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina, ndipo ikugwirizana ndi yoyambayi. Akuti: "Pepala langa likuonetsa phindu, koma ku akaunti kulibe kanthu. Zimatheka bwanji?"

Zimatheka, bambo, ndipo si zachilendo. Pepalali siliwerenga ndalama zimene zili m'manja. Titenge manambala a mayi aja. Katundu wotsala anakula kuchoka pa 150,000 kufika pa 200,000, ndiye kuti 50,000 yagona m'mashelefu. Makasitomala akakhala kuti sanalipire 40,000 ya malonda a chakachi, imeneyonso yawerengedwa pamzere woyamba koma sinafike. Kubweza ngongole yeniyeniyo sikuoneka papepalali, pamaoneka chiwongoladzanja chokha. Ndalama zimene mwini bizinesi amatapa kukagwiritsa ntchito kunyumba nazonso sizilembedwa pano. Choncho pemphani wolemba mabuku wanu akupatseni mndandanda wa amene ali nanu ngongole, wosonyeza kuti aliyense wakhala nayo miyezi ingati, ndipo muyambe kulondola amene apitirira miyezi 3.