Makalata a omvera: nkhuku za kumudzi, mwini wake ali ku Joni

Kalata yoyamba yachokera ku Joni, kwa bambo wina amene kwawo ndi ku Angonia kufupi ndi Ulongwe. Akuti:

"Achimwene a pa wailesi, ine ndimagwira ntchito ya zomanga kuno. Ndinatumiza ndalama kwa mng'ono wanga kuti ayambe kuweta nkhuku zoyera zija, mafrangu, 100 poyambira. Anandiuza kuti 40 zinafa sabata yachiwiri ndi chitopa, koma rasau anagula matumba 9 ndipo ndalama yomwe inabwerera ndi 12,000 basi. Mng'ono wangayu si wakuba, timagwirizana chiyambire. Ndiyesenso kapena ndingosiya?"

Zikomo bambo, mwachita bwino kutilembera. Ine sindiweruza mng'ono wanu ayi, sindinaliwone kholalo, koma manambala mwatipatsawa pali pena sakugwirizana ndipo ndikufuna muwone nokha pomwe pali vuto, chifukwa nkhuku zoyerazi zili ndi ubwino umodzi kwa munthu amene ali kutali: zimadya mwa muyezo. Nkhuku imodzi kuchokera tsiku lofika mpaka masiku 35 imadya makilo atatu ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Ndiye 100 zimamaliza matumba 7 a makilo 50, zikapitirirako masiku mwina 8. Ndipo kadyedwe kake sikofanana masabata onse. Sabata yoyamba anapiye 100 samaliza ngakhale theka la thumba, kufika tsiku la 21 amakhala adya matumba awiri ndi theka, rasau wambiri amapita masabata awiri omalizawo pomwe thumba limodzi limatha masiku atatu.

Tsopano tengani nkhani yanu. Ngati 40 zinafa sabata yachiwiri, zinafa zisanadye zambiri, ndiye zotsala 60 zija zinayenera kumaliza matumba 4 kapena 5. Inu mwalipira 9. Matumba anayi apita kuti? Apa musathamangire kunena kuti wakubani. Mwina nkhukuzo zinakhalitsa m'khola kusowa ogula, zikungodya. Mwina modyera ndi mabeseni otseguka, nkhuku zikupalasa rasau kugwera mu utuchi, makoswe nawo akudya usiku. Mwinanso, ndipo izi zimachitika kwambiri m'makomo mwathu, rasau wina anapita kwa nkhumba ndi nkhuku za chikuda za pakhomo chifukwa amayi anaona thumba lili potseguka. Komanso mwina sizinafe 40, zina zinadyedwa pa maliro, ina anatenga amalume kuti ndilipira kumapeto kwa mwezi, mng'ono wanu kuchita manyazi kukuuzani nkungoti chitopa. Chitopa chimanamiziridwa zambiri kuno.

Mufunseni mwaulemu kuti zinkafa bwanji. Chitopa chenicheni chimadziwika, nkhuku zimapuma mobanika, zitosi zobiriwira, zina kupindika khosi, ndipo sichilekeza pa khola limodzi, nkhuku za chikuda za anansi zimafanso nthawi yomweyo, mutha kuimbira munthu wina wa m'mudzimo nkumva. Koma ngati zinkapezeka zitafa m'mawa zitaunjikana pakona imodzi, kumeneko ndi kuzizira. Inu mukudziwa mmene Angonia ndi Tsangano kumazizirira Juni ndi Julaye, anapiye sabata yoyamba amafuna kutentha pafupifupi madigiri 32, mbaula ya makala ikazima pakati pa usiku amakwerana kufuna kufunda ndiye apansi amabanika. Zikatero vuto si matenda, vuto ndi loti panalibe wodzuka usiku.

Ndiye muyesenso? Ine ndikuti eya, koma 100 zomwezo, osawonjezera, ndipo musinthe mmene ndalama imayendera. Tiyeni tiwerengere limodzi, mitengo ndikuikayi ndi yongoyerekeza, inu mufunse ya lero ku shopu ya ku Ulongwe kapena ku Tete nkuikamo yanu. Tinene kuti mwanapiye mmodzi ndi mametikali 50, ndiye 100 ndi 5,000. Thumba la rasau tinene 2,500, matumba 7 ndi 17,500. Katemera, makala, utuchi ndi shapa yonyamulira tiike 3,000. Zonse pamodzi 25,500. Zikafa zisanu, zomwe si zachilendo ayi, mwatsala ndi 95, mukagulitsa pa 350 imodzi mwapeza 33,250. Phindu 7,750.

Mwaiona kuchepa kwake? Anthu ali kunja amaganiza kuti nkhuku 100 zimanga nyumba, ayi ndithu. Ndipo taonani mmene phindu limeneli limasungunukira. Nkhuku zikangokhala sabata imodzi yowonjezera zitakhwima kale, zadya matumba awiri ndi kanthu, yoposa 5,000 yapita, pomwe wogula pa msika sawonjezera mtengo kwenikweni chifukwa yanenepako. Ndiye 10 zokha zipite pa ngongole yosabwezedwa, 3,500 yapitanso. Basi mwalowa kale mu losi popanda wina kuba ngakhale tambala. Nchifukwa chake ine ndimati musagule anapiye musanadziwe wogula. Mng'ono wanu ayambe wayenda, alankhule ndi azimayi ophika m'mabaraka, ootcha nkhuku m'mbali mwa msewu, aphunzitsi ndi anamwino amene amalandira kumapeto kwa mwezi, amve kuti angatenge zingati. Kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo masiku 35 kuti zikhwime nthawi ya malipiro kapena ya Khirisimasi, osati pakati pa Febuluwale anthu ali pa njala ndalama zonse zili ku feteleza.

Za katumizidwe ka ndalama, apa ndipomwe ndikufuna mumvetsetse bwino. Musatumize 25,500 yonse kamodzi m'foni ya mng'ono wanu. Sikuti ndi woipa, koma ndalama ikakhala m'foni ya munthu wa pamudzi ndiye mwana wadwala, apongozi abwera ndi vuto, iye angakane bwanji pomwe aliyense akudziwa kuti achimwene a ku Joni atumiza? Mukumuika pa mayesero nokha. Gawani katatu. Poyamba anapiye, katemera, makala ndi matumba atatu a A1, rasau wa anapiye. Zikamayandikira masabata atatu mutumize ya A2, rasau wa nkhuku zokulirapo, matumba awiri, kenako awiri omaliza. Ndipo ngati shopu ya rasau ili ndi nambala ya M-Pesa kapena e-Mola, ndalama ya rasau izipita kwa mwini shopu, mng'ono wanu azingopita kukanyamula katundu nkukujambulirani risiti.

Musanatumize gawo lotsatira azikutumizirani kavidiyo pa WhatsApp, osati chithunzi, chithunzi munthu atha kujambula khola la mnzake. Kavidiyo kayambire panja pomwe mukuzindikira, mtengo wa mango uja kapena khomo la nyumba, kalowe m'khola, kaonetse nkhuku, kenako matumba otsala ndi opanda kanthu omwe. Nkhuku yakufa ijambulidwe tsiku lomwelo isanakwiriridwe. Pakhale kope la sukulu lopachika pakhomo pa khola, tsiku lililonse alembe zinthu zitatu basi, zafa zingati, thumba latsegulidwa liti, zagulitsidwa zingati kwa ndani. Lamulungu lililonse ajambule tsambalo. Inu ndi manambala ndakupatsani aja muona nokha ngati thumba lachinayi latsegulidwa tsiku la 15, mudziwa kuti pali chikutayika, mufunse nthawi yomweyo osati kudikira mapeto.

Katemera ndisaiwale, wa chitopa amaperekedwa cha m'sabata yoyamba nkubwereza cha pa masiku 21, wa gumboro cha pa masiku 14, koma atsatire zomwe ogulitsa anapiye anena chifukwa ena amabwera atabayidwa kale. Katemera akuyenera kuyenda mozizira, akamutenga m'thumba la malaya dzuwa likuswa kuchokera ku vila ndiye wapereka madzi chabe. Alangizi a ziweto ku SDAE, ofesi yoona za ulimi m'boma lanu, angamuonetse kachitidwe kake. Khola la mamita atatu kwa anayi likwanira 100, ndipo zikatha alichape nkulisiya masabata awiri asanaikemo zina.

Chomaliza kwa inu bambo, ndipo mwina simukondwa nacho. M'kalata yanu sindinaone pomwe mwanena kuti mng'ono wanu amalandira zingati. Munthu akudzuka usiku kusonkhezera mbaula, kutunga madzi, kukolopa zitosi masabata asanu, inu nkumati ndi m'bale wanga akundithandiza? Adzilipira yekha ameneyo, ndipo mumtima mwake sadzaona ngati walakwa. Mugwirizane poyera, mwachitsanzo mametikali 30 pa nkhuku iliyonse yogulitsidwa ndalama yake nkulowa. Pa 95 zija ndi 2,850, inu mutsala ndi 4,900. Mukatero iye mwini akana ngongole chifukwa nkhuku ya ngongole ilibe 30 yake, ndipo yakufa imupweteka nayenso. Muikeponso kuti nkhuku ziwiri pa ulendo uliwonse ndi za ndiwo pakhomo, zilembedwe m'kope, kuti asamachite kubisa. Panganolo likambidwe pamaso pa amalume kapena mkulu wina wa banja inu muli pa foni, ndipo ndalama yogulitsa izilowa tsiku lomwelo mu nambala ina yosagwiritsidwa ntchito pa zapakhomo.

Kalata ina ndi yaifupi, yachokera kwa mayi wina ku Furankungo, ndipo iwo ali mbali inayo ya nkhaniyi. Akuti:

"Achemwali anga ali ku Cape Town, ine ndimawasungira kagolosale. Abale akabwera kudzatenga sopo ndi shuga amati ndi za mwana wathu, iwe ndiwe ndani. Achemwali akaimba amakalipira ine. Nditani?"

Pepani mayi, apa olakwa si inu. Amene angatseke pakamwa abalewo ndi mwini wake, osati inu. Awuzeni achemwali anu aimbe foni abale ali pamodzi, anene ndi pakamwa pawo kuti m'golosale mulibe chaulere, ndipo ngati akufuna kuthandiza abale aike ndalama ina padera mwezi uliwonse, kaya ndi 500, yoti sopo wa agogo azichokera pamenepo, ikatha yatha. Pakali pano aliyense wotenga kanthu mumulembe m'kope iye akuona, dzina, katundu ndi mtengo, ndipo tsiku lomwelo mujambule tsambalo mutumize ku Cape Town, kuti akamaimba azifunsa mwini dzinalo.