Mwakonza denga ndi ndalama zanu? Musadule lendi musanalembe kalata iyi

(Kamera pa ine, beseni m'manja)

Beseni ili linagona pabedi langa milungu itatu, ine ndikugona pampando. Amene munakhalapo m'nyumba ya lendi yodontha mwezi wa Januwale mukudziwa kale zimene ndikunena. Muimbira a landilodi, akuti "tibwera Loweruka." Loweruka lafika, foni sikupezeka. Mapeto ake mwatopa, mwagula malata, mwaitana mmisiri, denga lakhala bwino, thumba lanu n'kukhala lopanda kanthu. Ndiye ndalama ija ibwerera bwanji?

Lero tilemba limodzi kalata yopempha kuti ndalamayo ichotsedwe pa lendi, masamu ake ali poyera. Onerani mpaka kumapeto, chifukwa pali mzere umodzi wolemba pa lisiti umene anthu ambiri amauiwala, ndipo ndi umene umawapweteka potuluka m'nyumba. Ngati ndinu achilendo kuno, dinani Subscribe, sitilipiritsa.

Choyamba, umboni. Apa ndithamanga. Jambulani podonthapo musanakonze, jambulaninso mukakonza. Malisiti a kusitolo ya zomangira asungeni, musakulungire mandasi. Mmisiri ngati alibe lisiti, ndipo ambiri alibe, ng'ambani pepala la m'kope, alembe ntchito imene wagwira, ndalama, tsiku, asayine. Ngati munamulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga uja musaufufute.

Chachiwiri, siyanitsani zimene zili za nyumba ndi zimene zili zanu. Denga lodontha chifukwa malata achita dzimbiri, paipi yophulikira m'khoma, chitseko chodyedwa ndi chiswe, izo n'za nyumba, mudzazisiya pomwepo mukamasamuka. Koma galasi la pawindo limene mwana wanu anaswa ndi mpira, ilo ndi lanu. Penti wobiriwira amene munapaka pabalaza chifukwa woyera uja sankakusangalatsani, wanu ameneyo. Mukazisakaniza m'kalata, a landilodi agwira pa penti pomwepo, nkhani ya denga n'kuiwalika.

Tsopano chachitatu, ndipo apa mundilole ndikhale pansi, chifukwa bodza ili limandikwiyitsa.

(Akhala pansi)

Anthu amati: "Ndakonza nyumba yawo ndi ndalama zanga, ndingodula pa lendi basi, akafunsa ndiwaonetsa malisiti." Mwamvapo eti? Mwina mwanenapo. Pa vidiyo yathu yapita ija ndemanga zingapo zinali zomwezi. Abale anga, lisiti limangosonyeza kuti munagula malata. Kuti mwini nyumba anavomera kulipira malatawo, lisiti silinena chilichonse, ndipo nkhani yonse yagona pa kuvomera kumeneko.

Taganizani mmene zikuonekera m'kope la a landilodi. Lendi ndi K150,000. Inu mwatumiza K100,000 osanena kanthu. Iwo alemba chiyani? Alemba kuti mwatsala ndi K50,000. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Pakutha miyezi itatu, m'mutu mwanu muli "ndikubweza ndalama zanga," m'kope mwawo muli ngongole ya K150,000, lendi ya mwezi wathunthu. Nkhani ikapita kwa amfumu kapena kukhoti, funso loyamba likhala lakuti munagwirizana lendi ya zingati, lachiwiri munapereka zingati. Mukayamba kufotokoza za denga, akufunsani kuti: anakuuzani ndani kuti mudule? Mukatulutsa chiyani?

Zinandichitikira ine ndemwe, sindikunena za munthu wina. M'nyumba ina imene ndinkakhala kale, ndinasintha paipi ya kubafa. Amene anandiuza kuti "ingokonzani, tiona" anali mphwake wa mwini nyumba, amene ankabwera kudzatenga lendi. Ndinadula mosangalala. Tsiku lotuluka, malume ake afika ndi kope, akuti iwo za paipi sakuzidziwa, mphwawoyo anali wongotumidwa. Dipoziti yanga inathera pomwepo. Ndinali ndi malisiti onse, osalala bwino, m'envulopu. Anawayang'ana, n'kundibwezera.

Ndipo mawu akuti "tiona" amenewa, achenjereni. "Tiona" si "inde." "Ingokonzani" angatanthauze kuti akubwezerani, angatanthauzenso kuti konzani ngati mukufuna kugona pouma. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo la pafoni ndi fodya wapachala.

Wina alemba m'munsimu kuti, "Koma pangano lathu linalembedwa kuti kukonza denga ndi udindo wa mwini nyumba." Chabwino kwambiri, muli ndi pogwira, ndipo ndime imeneyo muitchule m'kalata. Komabe werengani bwino. Kunena kuti denga ndi udindo wawo n'kosiyana ndi kunena kuti inu muli ndi chilolezo chodula lendi nokha. Mapangano ambiri amanenanso kuti musasinthe kanthu panyumba popanda chilolezo cholembedwa. Ndiye mwezi uno lipirani lendi yonse, lembani kalata, dikirani yankho. Ndikudziwa kuti n'zowawa, ndalama ilibe m'thumba. Lipiranibe.

Ndisanaiwale, chitsanzo cha kalata imeneyi ndachiika pansi pa vidiyoyi, mungokopera n'kusintha manambala. Tumizirani mnzanu amene akugona ndi beseni.

Chachinayi, masamu. Mitengo iyi ndi yachitsanzo chabe, musandikalipire kuti kwanu malata adakwera, ikani yanu ya pa lisiti. Tinene kuti nyumba ili ku Chilomoni, lendi K150,000 pamwezi.

(Pa sikirini)

Malata 4, limodzi K28,000: K112,000
Matabwa a denga 2, limodzi K9,000: K18,000
Misomali ya malata, makilo 2: K12,000
Mmisiri: K40,000
Galimoto yonyamula katundu: K8,000
Zonse pamodzi: K190,000

Onani kuti ndalemba kuchuluka ndi mtengo wa chimodzi. Mukangolemba kuti "malata K112,000," munthu ayamba kukayikira. Mukalemba kuti anayi pa K28,000, atha kukwera padenga n'kuwerenga atsopanowo, atha kukafunsa mtengo kusitolo. Musawonjezere kanthu, ngakhale K2,000 ya chakumwa cha mmisiri. Akapeza nambala imodzi yonama, zonse zasanduka zonama.

Ndiye K190,000 yaposa lendi ya mwezi umodzi. Mukanena kuti "Malichi sindilipira konse," mukupempha munthu kuti akhale mwezi wathunthu wopanda kanthu, mwina ndalama imeneyo ndi ya fizi ya mwana. Akana, ngakhale akudziwa kuti mukunena zoona. Igaweni. K50,000 miyezi itatu ndi K150,000, yotsala K40,000 mwezi wachinayi. Kutsimikiza: miyezi inayi lendi yonse ikanakhala K600,000. Inu mupereka K100,000 katatu ndi K110,000 kamodzi, ndiyo K410,000. Kuchotsera, K190,000. Zagwirizana. Amene mumalipira miyezi itatu nthawi imodzi, werengani pa K450,000, mfundo ndi yomweyo.

Chachisanu, kalata yeniyeniyo. Ndiwerenga pang'onopang'ono, imitsani vidiyo ngati mukulemba.

(Pa sikirini)

Okondedwa Bambo Uje,

PEMPHO LOCHOTSERA PA LENDI NDALAMA ZOKONZERA DENGA

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Monga ndinakudziwitsani pafoni pa 8 Januwale, ndi pa WhatsApp pa 15 Januwale, denga la kuchipinda chogona linkadontha kwambiri. Popeza mvula inayamba kuwononga siling'i ndi khoma, pa 24 Januwale ndinaitana mmisiri amene anasintha malata anayi ndi matabwa awiri. Ndalama zonse zinakwana K190,000, monga ndalembera m'munsimu. Ndaphatikiza makope a malisiti ndi zithunzi.

Ndinasinthanso galasi la pawindo ndi kupaka penti pabalaza, koma izi sindinaziwerengere chifukwa ndi zanga.

Ndikupempha kuti ndalamayi ichotsedwe pa lendi motere: Malichi, Epulo ndi Meyi ndizipereka K100,000 mwezi uliwonse, Juni ndipereke K110,000, ndipo kuyambira Julayi lendi ibwerere pa K150,000 monga mwa pangano lathu. Lendi ya Febuluwale ndalipira yonse.

Ngati mwavomera, chonde sayinani pansipa, kapena mundiyankhe polemba pasanafike pa 20 Febuluwale. Ngati muli ndi maganizo ena pa kagawidweka, ndine wokonzeka kukambirana. Muli omasuka kudzaona ntchitoyo tsiku lililonse.

Ine wanu,
Uje, wa m'nyumba nambala 2

(Kamera pa ine)

Mwaona zimene mulibe? Mulibe "mwakhala mukundizemba." Mulibe "nyumba yanu ndi khola." Zoona zake mwina ndi khola, koma kalata iyi tsiku lina ingawerengedwe ndi munthu wachitatu, ndipo mukufuna kuti akuoneni inu ngati munthu waulemu. Masiku aja, 8, 15, 24, akunena okha kuti munadikira.

Ndime ya galasi ndi penti ija, ena amati bwanji kuitchula. Ine ndimaikonda. Ikusonyeza kuti simunabwere kudzadyera munthu masuku pamutu, ndipo a landilodi akadzaona penti watsopano sadzaganiza kuti wabisala mu K190,000.

Mawu akuti "ibwerere pa K150,000" akuteteza nonse awiri. Iwo akudziwa kuti simukupempha kutsitsa lendi mpaka kalekale. Inunso mwalemba nambala yake, chifukwa alipo ena amene denga likangokhala bwino amati nyumba yakongola, lendi ikwere. Sizingawaletse kudzakweza m'tsogolo, koma akanena zimenezo mu Julayi muli ndi pepala loti muwaonetse.

Kalatayi ipite kwa mwini nyumba weniweni. Ngati pali ejenti kapena mphwake wotolera lendi, mpatseni kope, koma siginecha ikhale ya amene ali ndi mphamvu. Sindikizani ziwiri, imodzi yawo, imodzi yanu. Malisiti enieni asachoke m'manja mwanu, perekani mafotokope. Ngati amakhala kutali, kaya ku Joni, jambulani kalatayo mutumize pa WhatsApp, ndipo akayankha ndi mawu ojambula, apempheni mwaulemu kuti alembe, ngakhale "ndavomera K190,000" basi.

Akati alipira theka lokha chifukwa simunadikire chilolezo? Zimachitika, makamaka ngati simunawauze musanakonze. Theka la K190,000 ndi K95,000. Ganizani nokha ngati kulimbana kukuposa mtengo wosamuka, koma chilichonse chimene mwagwirizana, bwerezani masamu papepala latsopano.

Tsopano mzere ndinalonjeza uja. Atavomera, mwezi wa Malichi mwapereka K100,000. Lisiti lisangoti "ndalandira K100,000." Lilembedwe chonchi:

(Pa sikirini)

Lendi ya Malichi: K100,000 yaperekedwa, K50,000 yachotsedwa pa zokonzera denga. Lendi yakwana. Yotsala pa denga: K140,000.

Epulo yotsala ikhala K90,000, Meyi K40,000, Juni yatha. Ngati a landilodi anu sapereka malisiti, lembani mawu omwewa pa uthenga mukangotumiza ndalama, iwo ayankhe kuti "inde." Popanda mawu akuti "yakwana," pakadzabwera mwana wawo kapena ejenti watsopano kudzayendetsa nyumbayo, adzangoona miyezi inayi yoperewera.

Mlungu wamawa tikamba za dipoziti, mmene mungaitengere potuluka, ndipo nkhani ya paipi ija ndidzaimaliza, chifukwa sinathere pamene ndasiyira. Lembani m'munsimu: a landilodi anu anati "tibwera Loweruka" kangati? Anga ananena zimenezo kasanu ndi kamodzi.